Achipatala angakusankhireni liti, nanga ayenera kuleka liti?

Ngati mumakhala ku Chinyonga, muli pafupi ndi nyumba ziwiri zimene zimagamula za thupi la munthu. Ina ndi chipatala cha Gulupu, ina ndi bwalo lalikulu la milandu ku Chichiri. Ku Gulupu, dokotala amaona matenda ndipo nthawi zambiri amadziwa chimene chingakupulumutseni. Ku Chichiri, woweruza amafunsa funso lina: kodi mwini thupi adavomera? Masiku ambiri nyumba ziwirizi sizisemphana, pakuti wodwala amafuna chomwe dokotala akufunanso. Vuto limabuka tsiku limene inu mwakana, pamene namwino akuona kuti kukana kwanuko kukupwetekani.

Khalidwe losankhira munthu wamkulu zochita, pomuuza kuti n'zomukomera iye mwini, akatswiri adalipatsa dzina lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza bambo. Tanthauzo lake n'lakuti wachipatala kapena wa ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amadziika pamalo a kholo, inu n'kukusandutsani mwana. Nthawi zambiri sachita izi mwankhanza. Amakhala kuti waona anthu ambiri akumwalira ndi vuto lomwe lingachizike, ndipo safuna kuonanso maliro ena.

Maganizo athu pa tsamba lino ndi awa: mtima wabwino wa dokotala sukwanira kukhala chifukwa chopondereza chisankho cha munthu. Kukakamiza kumaloledwa pamalo ochepa kwambiri, ndipo malowo angadziwike. Kuti muwaone bwino, tiyika nkhani ziwiri pambalimbali: mayi woyembekezera amene wakana kuyezedwa kachirombo ka HIV, ndi mwana amene makolo ake akana kuti athiridwe magazi. Pa nkhani zonse ziwiri moyo wa mwana uli pachiswe, koma yankho lake silofanana.

Zomwe bwalo lidanena pa nkhani ya ku Mwanza

M'chaka cha 2009, apolisi ku Mwanza adagwira amayi omwe ankawaganizira kuti amayendayenda. Adawatengera kuchipatala cha boma cha m'bomalo komwe adawayeza magazi popanda chilolezo chawo. Zotsatira zake zidawerengedwa poyera m'bwalo la majisitireti, anthu akumva, ndipo ena mwa amayiwo adadziwira pomwepo kuti ali ndi kachirombo. Amayi 11 adakadandaula ku bwalo lalikulu ku Blantyre. Mu Meyi 2015, woweruza Dorothy nyaKaunda Kamanga adagamula kuti kuyeza mokakamizako kudaphwanya ufulu wawo wosunga chinsinsi, ufulu wolemekezedwa ngati anthu, ufulu wosasalidwa komanso ufulu wosachitidwa nkhanza.

Mwina munganene kuti nkhaniyi ndi ya apolisi, si ya chisamaliro. N'zoona kuti cholinga cha apolisi chidali kupeza umboni, osati kuthandiza amayiwo. Koma amene adatenga magazi adali achipatala, ndipo chigamulochi chidatsindika mfundo imene imakhudza aliyense wolowa m'chipinda cha dokotala: thupi la munthu silikhala la boma chifukwa choti walowa pachipata cha chipatala. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 19, amateteza ulemu wa munthu, gawo 21 limateteza chinsinsi chake, ndipo gawo 33 limateteza chikhulupiriro chake. Gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu pokhapokha ngati pali lamulo lolembedwa, ngati kuchepetsako kuli kwanzeru, komanso ngati kuli kofunikiradi m'dziko la ufulu. Choncho wokakamiza ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chake. Wokana alibe mlandu woti adziyankhire.

Mayi wa ku sikelo

Patapita zaka ziwiri, funso lomweli lidafika ku Nyumba ya Malamulo, koma litavala malaya a chifundo. Bilo yokhudza HIV ndi Edzi idali ndi ndime zoti amayi oyembekezera ndi amuna awo aziyezedwa mokakamiza, pamodzi ndi antchito a m'nyumba ndi ofuna kulowa ntchito za yunifolomu. Chifukwa chomwe chinkaperekedwa pa amayi oyembekezera chidali champhamvu, ndipo tisachipeputse. Mayi amene ali ndi kachirombo akapanda kulandira thandizo lililonse, ana 15 mpaka 45 mwa ana 100 aliwonse amatengera kachiromboka ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akamamwa mankhwala mwandondomeko, chiwerengerocho chimatsika n'kufika pansi pa ana 5 mwa 100. Ndani angaone kusiyana kotereku n'kusafuna kuti mayi aliyense ayezedwe, afune asafune?

Komabe mu Novembala 2017 aphungu adachotsa ndime zokakamizazo asanavomereze lamuloli, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018. Ena mwa amene adalimbikira kuti ndimezo zichoke adali amayi omwe ali ndi kachirombo, anthu odziwa bwino phindu la mankhwalawo. Ife tikuti aphungu adachita bwino, ndipo chifukwa chake si ufulu wokha. Chifukwa china chili m'mene chithandizocho chimagwirira ntchito.

Kuyeza magazi pakokha sikuteteza mwana. Chimene chimamuteteza ndi piritsi limene mayi ayenera kumeza tsiku lililonse, ali kunyumba kwake, kuyambira ali woyembekezera mpaka atasiyitsa kuyamwitsa, ndi kupitirira apo moyo wake wonse. Mwana akabadwa amafunika mankhwala amadzi a nevirapini kwa masabata 6, kenako bakitilimu, ndiponso kuyezedwa ali ndi masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24. Zonsezi zili m'manja mwa mayi. Namwino angathe kubaya chala cha munthu mokakamiza m'mphindi imodzi, koma sangapite ku Ndirande kapena ku Bangwe usiku uliwonse kwa zaka ziwiri kukaona ngati piritsi lamezedwa.

Dziko lino lili ndi umboni wakewake pa mfundoyi. Mu 2011 Malawi idakhala dziko loyamba kuyambitsa ndondomeko yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala a moyo wonse osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Ndondomekoyi idapambana kwambiri. Amayi oyamba mankhwala pa miyezi itatu adakwera kuchoka pa 1,257 pakati pa chaka cha 2011 kufika pa 10,663 m'miyezi ya Julayi mpaka Sepitembala 2012, ndipo maiko ena adatengera. Koma kafukufuku amene adasindikizidwa mu 2014, wotsata amayi pafupifupi 22,000, adapeza kuti 17 mwa amayi 100 aliwonse adali atasowa pomatha miyezi 6. Amayi amene adayambitsidwa mankhwala ali oyembekezera ankalephera kubweranso pambuyo pa ulendo woyamba kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi amene adayamba chifukwa choti iwo eni akudwala.

Taganizirani tanthauzo lake. Mayi wabwera ku sikelo m'mawa akudzimva kuti ali bwinobwino. Pofika masana wauzidwa kuti ali ndi kachirombo, wapatsidwa botolo la mankhwala, ndipo sadziwa kuti akauza bwanji bambo a kunyumba. Walandira botolo chifukwa sangatsutsane ndi anamwino pamaso pawo. M'kaundula mwalembedwa kuti wayamba mankhwala. Botolo lija lakabisidwa pansi pa sutikesi. Ngati izi zidachitika pansi pa ndondomeko yomwe inkalola munthu kukana, kukakamiza kwa lamulo kukadangowonjezera amayi oopa sikelo, ofika mochedwa mimba itakula, kapena oberekera kunyumba. Mayi amene sadafike n'komwe ku sikelo amataya zambiri kuposa kuyezedwa HIV: sapimidwa kuthamanga kwa magazi, salandira mankhwala oteteza malungo, salandira neti, salandira mapiritsi owonjezera magazi.

Tsono namwino achite chiyani mayi akakana? Choyamba afunse chomwe akuopa, pakuti kukana kwambiri kumakhala ndi dzina. Wina amaopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pabanja. Wina waona kuti mlangizi amene akuyeza ndi woyandikana naye nyumba. Wina akudziwa kale mmene alili ndipo akulandira mankhwala kuchipatala china mobisa. Vuto lililonse mwa amenewa lili ndi yankho lomwe si chikakamizo: kuyezera m'chipinda china, kuitana mwamuna kuti ayezedwe limodzi ngati mayi mwini wafuna, kumulumikiza ndi mayi mnzake amene adadutsamo n'kubereka mwana wopanda kachirombo. Chachiwiri, amuuze chilungamo chonse cha ngozi imene mwana alimo, ndi manambala ake, popanda kumuopseza. Chachitatu, amupime zina zonse ngati mmene akadachitira, n'kumufunsanso pa ulendo wotsatira, pochira ndi pa sikelo ya mwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene sayenera kuchita ndi kumubweza, kumuika kumapeto kwa mzere, kapena kutenga magazi ponamizira kuti akuyeza malungo.

Pano titchulenso mchitidwe umene udafala m'madera ena, woti mayi asalandiridwe ku sikelo yoyamba ngati sadabwere ndi mwamuna kapena kalata ya amfumu. Cholinga chake n'chabwino, kuti abambo azitengapo mbali. Koma amene amalangidwa ndi mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, amene adakanidwa mimba, kapena mtsikana wa sukulu. Lamulo lopangidwa kuti limuteteze limamutsekera chitseko iye amene akufunika thandizo kuposa onse. Ichi ndi chizindikiro chimodzi chodziwira kusankhira anthu kumene kwalakwika: ofooka kwambiri ndiwo amayamba kusowa pamzere.

Mwana wosowa magazi

Tsopano tiyeni ku nkhani yachiwiri. Tiyerekeze mwana wa zaka ziwiri, wolemera makilogalamu 12, wafika kuchipatala usiku atadwala malungo masiku anayi. Zikhatho ndi mkati mwa zikope mwayera. Akupuma mozama ndi mofulumira, ndipo sakutha kukhala tsonga kapena kuyamwa. Achipatala ayeza mlingo wa magazi, umene amautcha himogulobini, napeza magalamu 3.5 pa desilita. Mwana wathanzi wa msinkhu umenewu amakhala ndi 11 kapena kuposera apo. Malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse amati mwana athiridwe magazi mlingo ukatsika pansi pa 4, kapena ukakhala pakati pa 4 ndi 6 koma mwana akubanika kapena akukomoka. Mwana uyu ali m'gulu loyamba, ndipo ali ndi zizindikiro za gulu lachiwiri.

Chithandizo chake n'chodziwika. Amubaya jakisoni wa atesuneti wopha tizirombo ta malungo, amupatsa mpweya, amuyeza shuga, ndipo amuthira magazi mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse. Kwa mwana wa makilogalamu 12 ndiye kuti mamililita 240, oyenda pang'onopang'ono kwa maola atatu kapena anayi. Jakisoni amapha tizirombo koma sabwezera magazi amene aphwanyika kale. Mapiritsi owonjezera magazi amatenga masabata kuti agwire ntchito. Dilipu ya madzi sinyamula mpweya. Pa kafukufuku wina wamkulu wa ana odwala kwambiri ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, mwa ana osowa magazi kwambiri amene sadalandire magazi m'maola 8 oyamba, pafupifupi theka adamwalira, ambiri mwa iwo asanathe maola atatu. Nthawi yodikira palibe.

Makolo akana. Mwina ndi a Mboni za Yehova, omwe amalandira chithandizo china chonse cha kuchipatala koma osati magazi. Mwina ndi a mpingo wina umene sulola mankhwala konse. Mwinanso si nkhani ya mpingo: akuopa kuti magaziwo ali ndi matenda, kapena akudikira malume a mwana, eni mbumba, amene foni yawo siikupezeka.

Apa ndi pomwe tikuti achipatala apitirire ndi chithandizo, ngakhale makolo asavomere. Kusiyana kwake ndi mayi wa ku sikelo kuli pa zinthu zinayi. Mwini thupi, mwanayo, sangathe kusankha. Makolo amamusankhira ngati omusungira moyo, osati ngati eni ake a moyowo. Ngozi yake ndi imfa, ndipo ili pa maola osati pa miyezi. Palibe njira ina yofatsa imene ingagwire ntchito pa nthawi yotsalayo. Ndipo chithandizocho chimatheka n'kutha usiku womwewo. Sichidalira kuti wina akapitirize kunyumba.

Lamulo lilinso kumbali ya mwanayo. Lamulo la 2010 loona za kusamalira, kuteteza ndi kuweruza ana limati mwana amene akufunika kupimidwa kapena kuchizidwa, koma kholo lake likunyalanyaza kapena kukana, ndi mwana wofunika chitetezo. Limapereka mphamvu kwa ofesala woona za chisamaliro cha anthu komanso wapolisi kuti alowererepo, ndipo pali mabwalo a milandu ya ana oyang'anira zimenezi. Maiko oyandikana nafe adafika pa mfundo yomweyi. Ku South Africa, bwalo lalikulu ku Johannesburg lidaloleza dokotala kuthira magazi khanda limene makolo ake adakana, ponena kuti ufulu wa mwana wokhala ndi moyo ndiwo uli patsogolo.

Koma ngakhale pamene kulowerera kuli koyenera, pali kachitidwe kake. Dokotala wamkulu amene ali pantchito ndiye alankhule ndi makolo, pambali osati pakati pa wodi, m'chiyankhulo chimene akumva. Afunse chimene akukana kwenikweni, chifukwa woopa matenda angasinthe maganizo atauzidwa kuti magazi operekedwa amayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi asanafike kwa wodwala. Ngati nthawi ilipo, dokotala wina aone mwanayo payekha n'kutsimikiza. Zonse zilembedwe m'faelo: mlingo wa magazi, zizindikiro, nthawi, zomwe makolo auzidwa ndi zomwe ayankha. A ofesi ya chisamaliro cha anthu adziwitsidwe. Makolo auzidwe poyera kuti magazi athiridwa ndi chifukwa chake, osati kuwatuma kukagula chakudya kuti pobwera apeze thumba likulendewera. Ndipo mphamvu imene yatengedwa ithere pa magaziwo. Makolo akhalebe pambali pa bedi, afunsidwebe pa china chilichonse, ndipo asatukwanidwe. Ndi iwo amene adzamwetse mwanayo mankhwala akatuluka, ndipo ndi iwo amene adzasankhe ngati adzabwerenso naye malungo akadzabwereranso.

Pali chifukwa chinanso chochitira zimenezi mwaulemu. A Mboni za Yehova adaletsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993, ndipo ambiri adamenyedwa, kumangidwa ndi kuthawira ku Zambia ndi Mozambique. Banja limene agogo ake adaona zimenezo silimva mawu akuti boma lalamula mmene ena amawamvera. Wachipatala amene akudziwa mbiriyi amasamala kuti apulumutse mwana popanda kuchititsa manyazi chikhulupiriro cha makolo.

Bwanji wokana magazi akakhala wamkulu?

Sinthani chinthu chimodzi chokha. Wosowa magazi akhale mayi wa mwanayo, wa zaka 30, wataya magazi ambiri pochira, ali maso, akuyankhula zomveka, ndipo akuti sakufuna magazi ngakhale afe. Ngozi ndi yomweyo, nthawi ndi yochepa chimodzimodzi, chithandizo chilipo. Chasintha n'chakuti mwini thupi angathe kusankha. Apa dokotala ayenera kuleka, ngakhale mtima ukumuwawa. Ayesetse njira zina zonse: kuletsa kutaya magazi msanga, mankhwala okhwimitsa chiberekero, dilipu, mpweya, ayironi. Afunsenso mayiyo ali yekha, popanda achibale kapena akulu a mpingo, kuti atsimikize kuti mawuwo ndi akedi. Akaumirira, chisankhocho ndi chake.

Ena amati mayi wotere akakamizidwe chifukwa cha ana amene awasiye. Funso limeneli lidafika ku bwalo lalikulu kwambiri la ku Namibia, ndipo mu 2015 oweruza ambiri adagamula kuti kukhala ndi ana sikuchotsa ufulu wa mayi wamkulu, wanzeru zake, wokana magazi. Tikugwirizana nawo, ngakhale tikudziwa kuti mtengo wake ndi wowawa: nthawi zina mayi wotere amamwaliradi. Koma mukalola kuti munthu wamkulu amangidwe pabedi chifukwa ena amamudalira, ndiye kuti palibe kholo lililonse m'dziko muno limene lingakanenso opaleshoni, kudulidwa mwendo kapena mankhwala a khansa. Ufulu wovomera umene suphatikiza ufulu wokana ndi mwambo chabe wosayinitsa mapepala.

Dziwaninso kuti chisankho cha munthu wamkulu sichili m'manja mwa mwamuna wake, apongozi kapena mwini mbumba. Pachikhalidwe chathu matenda ndi nkhani ya banja, ndipo odwala ambiri amafunadi kumva maganizo a akuluakulu. Zimenezo n'zabwino ngati wodwala mwini wafuna. Koma mayi wovomera opaleshoni yochira safunika siginecha ya mwamuna wake, ndipo mayi wokana njira yotseketsa sangatsekedwe chifukwa achibale ndi anamwino agwirizana kuti ana akwana.

Mungadziwe bwanji kuti munthu angathe kusankha?

Poti zonse zatsamira pa funsoli, ndi bwino mudziwe mmene limayankhidwira. Dokotala amayesa zinthu zinayi. Kodi wodwala wamva zomwe wauzidwa za matenda ake, chithandizo ndi zotsatira za kukana? Kodi angazisunge m'mutu kwa nthawi yokwanira kuti aganize? Kodi angaziyeze, kuika ubwino uku ndi ngozi uku? Kodi angathe kunena chimene wasankha, ndi mawu, ndi manja kapena polemba? Njira yosavuta ndi kumupempha kuti abwereze m'mawu akeake. Bambo amene akuti, "Ndamva, mukuti ndikapanda kudulidwa phazi chilondachi chikwera ndipo ndikhoza kufa, koma ndasankha kupita kwathu," wapambana mayesowo, ngakhale dokotala aone kuti wasankha molakwa. Bambo amene akuzula dilipu chifukwa malungo kapena matenda oumitsa khosi amuzunguza mutu, sakudziwa komwe ali ndipo akuona anthu omwe palibe, sadasankhe kanthu. Kumugwira kuti alandire jakisoni si kumulanda ufulu. Ndi kumusungira mpata woti adzasankhe akatsitsimuka. N'chimodzimodzi munthu wokomoka pangozi ya galimoto: amathandizidwa nthawi yomweyo, pokhapokha ngati pali umboni womveka wakuti adakaniratu chithandizo chimenecho ali bwino.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri pa mayeso amenewa n'zitatu. Choyamba ndi kuyesa kuti wosagwirizana ndi dokotala ndiye kuti mutu wake sukuyenda. Mudzazindikira kulakwaku poona kuti palibe amene amakayikira nzeru za wodwala akamavomera, amazikayikira akangokana. Chachiwiri ndi kusokoneza kusaphunzira ndi kusatha kuganiza. Gogo amene sadziwa kulemba amagamula milandu ya minda kumudzi; ngati sadamve, mwina wofotokozayo ndiye adalankhula Chingerezi chosakaniza. Chachitatu ndi kuganiza kuti amene adadwalapo matenda a maganizo, kapena adagonekedwapo ku Zomba, sangasankhenso chilichonse. Kutha kusankha kumayesedwa pa nkhani imodzi, pa tsiku limenelo. Munthu angalephere lero n'kutha mawa. Ngati chithandizo chingadikire mpaka atatsitsimuka, chidikire.

Matenda opatsirana ngati kolera kapena chifuwa chachikulu chosamva mankhwala ndi nkhani ina. Pamenepo boma likamapatula wodwala limakhala likuteteza anthu ena, osati kumusankhira iye zomukomera, ndipo zifukwa zake zimayezedwa pa sikelo yakeyake. Tisalole kuti ziwirizi zisokonezedwe, chifukwa mawu akuti tikuteteza anthu ndi amene adagwiritsidwa ntchito ku Mwanza.

Chimene tikupempha

Kwa inu odwala ndi odikirira odwala: musanasayine kapena kudinda chala, funsani kuti matenda ndi chiyani, akufuna kuchita chiyani, pali njira ina iti, ndipo chingachitike n'chiyani mukakana kapena mukadikira. Muli ndi ufulu wopempha nthawi yoganiza ngati si zadzidzidzi, ndi wosintha maganizo ngakhale mutasayina kale. Mukakana chinthu chimodzi, musalole kuuzidwa kuti ndiye basi muzipita. Kukana opaleshoni sikukuchotserani mankhwala opha ululu kapena kutsukidwa chilonda. Mukaona kuti mwaponderezedwa, zipatala za boma zili ndi maofesala olandira madandaulo, ndipo makhonsolo oyang'anira madokotala ndi anamwino alipo. Koma dziwaninso malire a mphamvu zanu ngati kholo. Mungakane magazi a m'thupi lanu. Simungakanire mwana amene akufa usiku womwewo.

Kwa oyendetsa zipatala ndi Unduna wa Zaumoyo: ndondomeko ya zochita kholo likakana chithandizo chopulumutsa moyo wa mwana ilembedwe pa pepala limodzi, ipachikidwe m'wodi iliyonse ya ana, ndi nambala ya ofesala wa chisamaliro cha anthu amene angayankhe foni 2 koloko usiku. Popanda zimenezi, dokotala wachinyamata amene ali yekha pantchito amagwera mbali imodzi mwa ziwiri. Amasayinitsa kholo pepala loti latuluka mosemphana ndi malangizo a chipatala n'kuona mwana akunyamulidwa kupita kukafera panjira, kapena amazolowera kulamula aliyense, wamkulu ndi mwana yemwe. Pepala lotulukira lija limateteza chipatala, koma siliteteza mwana, ndipo lisagwiritsidwe ntchito pa mwana wa mlingo wa magazi 3.5. Mbali inayi, malamulo a m'midzi ndi a pazipatala obweza amayi ku sikelo chifukwa abwera okha athetsedwe, ndipo sukulu zophunzitsa anamwino ndi madokotala ziyese ophunzira luso lofunsa chilolezo m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chisena ndi Chilomwe monga zimawayesera kubaya jakisoni.

Wachipatala aliyense amene akufuna kupitirira mawu a wodwala ayambe wayankha mafunso anayi aja, ndipo awalembe: kodi mwini thupi sangathedi kusankha, kodi ngozi ndi yaikulu ndi yapafupi, kodi njira zofatsa zatha, nanga kukakamizako kuchizadi? Yankho limodzi likakhala ayi, ntchito imene yatsala ndi kufotokoza, kudikira ndi kusiya chitseko chotsegula kuti munthuyo adzabwerenso.